Kalata Yoyamikira Amake Salim

Mai Lines Kaphamtengo anali munthu wokhulupirira pepala. Anakhala pabanja ndi mphunzitsi zaka zambiri, ndipo malemu amuna awo anawasiyira nthenda imeneyi, yoti nkhani ya pakamwa imapita ndi mphepo koma yolembedwa imakhala pansi nkudikira yankho. Ngakhale ku Mvano ankawadziwa bwino. Amayi ena akamakangana za tsiku lokasesa kutchalitchi, iwo ankakhala atatulutsa kale cholembera m'chikwama.

Nyumba yawo inali kuseri kwa msika wa Nsaru, ndipo mpanda umodzi wa udzu unkawalekanitsa ndi Mai Safia, amene aliyense ankawatcha amake Salim. Wina wa Mvano, wina wa kumzikiti, koma mchere ndi moto ankapatsana pa mpata wa mpandawo osafunsana zambiri. Tsiku limene a Kaphamtengo aamuna anamwalira, amake Salim ndiwo anayamba kufika, ndipo anagona pasiwa mpaka maliro anatha. Mai Kaphamtengo sanaiwale zimenezi, ndipo mumtima ankafunafuna tsiku lodzabweza.

Amake Salim ndiwo ankagulitsa mu takishopu ya pa sekondale yoyendera ya Msambanjiwa. Pangano lawo ndi sukulu linali lapakamwa. Katundu wa m'mapaketi, monga masiwiti, mabisiketi, mafilizesi ndi tokhwasula ta utoto tija timasiya zala zachikasu, anali wa sukulu. Ahedi ankakamuoda ku Lilongwe, amake Salim nkumagulitsa popanda malipiro. M'malo mwa malipiro ankaloledwa kuika dengu lawo pambali pa zenera, la mandasi, zitumbuwa ndi masamusa ophika kunyumba. Dengu limeneli ndilo linkalipira lendi. Ndilonso linkadyetsa amuna awo, a Useni, amene anafa ziwalo mbali imodzi golosale yawo itagwa. Salim mwiniwake anapita ku Joni, ndipo foni yake inasiya kulira kalekale.

Nkhani inayamba ndi Memory, mwana wotsiriza wa Mai Kaphamtengo, amene anali Fomu 3 pa sukulu yomweyo. M'mawa wina mu Januwale anagwa pa asembule ngati thumba la chimanga. Kuchipatala anamutsegula chikope, nkunena kuti magazi ndi ochepa. Atafunsidwa chimene amadya masana, Memory anayang'ana pansi. Amayi ake anachita kumukoka khutu kuti aulule kuti ndalama ya buleki imathera filizesi ndi masiwiti, chifukwa anzake onse amagula zomwezo.

Madzulo ake amayi awiriwa anakumana pa mpanda, wina akuanula zovala, wina akusenda nthochi za zitumbuwa.

"Mwana uja wandichititsa manyazi, amake Salim. Kunyumba kwa mphunzitsi kukapezeka mwana wopanda magazi?"

"Si Memory yekha, amake Memory. Ine ndimawaona pa zenera paja. Malilime ofiira okhaokha. Ena amachokera kutali, ku Kabudula uko, osadya kanthu m'mawa, ndiye kufika pano nkugula madzi a shuga. Mtima umandiwawa, koma nditani? Shelefu si yanga."

"Nanga akanakulolani, mukanaikapo chiyani?"

Amake Salim anaseka, nkuyamba kuwerenga ndi mpeni m'manja. Thobwa la mawere. Mtedza wokazinga. Mbatata yophika nyengo yake. Mazira owiritsa, nthochi, chigumu cha mgaiwa. Ankalankhula ngati munthu akunena maloto, kenako anatola nthochi ina nkuti zimenezo nzongocheza.

Mai Kaphamtengo sanazitenge ngati zongocheza. Anaona kuti tsiku lobweza lija lafika. Akalemba kalata kwa ahedi, ana adya zabwino, dengu la anzawo likula, ndipo anzawowo adzangomva nkhani yabwino osadziwa kumene yachokera. Chinsinsi chimenechi chinawakomera kwambiri, moti sanafune kuchiononga ndi kufunsa mwini dengu.

Anailemba Loweruka masana patebulo la malemu. Kunena zoona, inali kalata yabwino. Inayamba ndi ulemu wonse, inafotokoza za Memory mosakokomeza, kenako inapempha kuti sukulu ichepetse masiwiti ndi mafilizesi nkuika zakudya zopatsa thanzi. Ndime imene iwo anaikonda kwambiri inali iyi:

"Sitikufunika kusaka munthu kutali. Mai Safia Useni, amene amagulitsa mu takishopu, amaphika kale mandasi, zitumbuwa ndi masamusa kunyumba kwawo tsiku lililonse, nkubwera nazo kusukulu zili zotentha. Ine ndine mnansi wawo ndipo ndimaona ndi maso anga. Atapatsidwa malo, angathe kumaphikanso thobwa kunyumba nkumabwera nalo m'chidebe."

Kalata yopita kwa ahedi siyenera kupita ya pamanja, choncho Lolemba anaitengera kwa a Nedson, mlembi wa mpingo, amene anali ndi kompyuta ndi makina osindikiza m'kachipinda ka pafupi ndi depoti ya minibasi. A Nedson anali atalemba makalata a mpingo kwa zaka zambiri, ndipo sankatha kumaliza kalata popanda kuika pansi pake maina a ena oyenera kulandira kope. Ngakhale kalata yopempha mabenchi inkapita kwa anthu anayi.

"Kodi makope apita kwa yani, amayi?" anafunsa atamaliza kutaipa.

"Makope? Ndimati ingopita kwa ahedi basi."

"Ndiye ikagona m'dirowa imeneyo. Ahedi akaona kuti ena alandiranso, amayankha msanga. Nkhaniyi ndi ya zakudya, eti? Tiike apampando a PTA ndi alangizi a zaumoyo. Azaumoyo ndiye aikonda kwambiri, ndi nyimbo yawo imeneyi."

Mai Kaphamtengo anaona kuti ndi nzeru. Pepala litatuluka, maina awiri aja ali pansi, kalatayo inaoneka yolemera ngati ya ku boma, ndipo iwo ananyada. Makope onse anakapereka okha tsiku lomwelo, mvula ikuwaza.

Chaka chimenecho chinali cha kolera. Wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo, ndipo pakhomo la tchalitchi panali ndowa ya madzi a kolorini. Koma kwa Mai Kaphamtengo kolera inali nkhani ya zimbudzi ndi zitsime, nkhani ya kutauni ndi kunyanja. Sanaione ikukhudzana ndi zitumbuwa za munthu amene amatsuka mapoto mpaka kuwala.

Lachinayi Memory anabwera ndi uthenga woti ahedi akufuna kuonana nawo mawa lake. Anasita chitenje chabwino, nanyamuka akukonza m'mutu mawu odzichepetsa oyankhira akayamba kuthokozedwa.

Mu ofesi anapeza anthu awiri. Ahedi, a Sydney Gwaza, anali munthu wonenepa wofatsa, wokonda kuti zinthu zizidziyendera zokha. Pampando wa pambali panali Mai Theresa, mlangizi wa zaumoyo, wovala yunifolomu yake ya buluu, maso ali ofiira ndi kusagona. Kalata ija inali patebulo, ndipo ndime yokondedwa ija inali itadulidwa mzere ndi cholembera chofiira.

"Khalani pansi, amayi," anatero a Gwaza. "Kalata yanu talandira. Maganizo ake ndi abwino, sindikutsutsa."

"Ndi abwino zedi," anavomereza Mai Theresa. "Ikanabwera mu Juni ndikanaiwerenga ndekha pa asembule. Koma kodi mukudziwa kuti teremu ino isanayambe kunabwera lamulo lochokera ku boma loletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'sukulu, mpaka kolera ithe?"

Mai Kaphamtengo anapukusa mutu.

"Ine ndinabwera pano sabata yotsegulira. Ndinauzidwa kuti mu takishopu muli za m'mapaketi zokha, ndipo tsiku limenelo ndinapezadi za m'mapaketi zokha." Apa anayang'ana ahedi, ndipo ahedi anayang'ana denga. "Tsopano ndalandira umboni wolembedwa, wosainidwa ndi mboni yoona ndi maso, woti zophika kunyumba zimabwera tsiku lililonse. Ndipo ophikawo alibe chiphaso cha kuchipatala cha ogulitsa zakudya. Ndiye mukuti nditani?"

"Koma amake Salim ndi aukhondo kuposa ine," anatero Mai Kaphamtengo. "Madzi amathira mankhwala. Palibe mwana anadwalapo."

"Ndikukhulupirira. Koma ine ndikuchokera ku tenti ya odwala kolera, amayi. Dzulo tatulutsamo mtembo wa mwana wa Sitandade 4, ndipo amayi ake nawonso akuti ndi aukhondo. Mwana mmodzi akatsegula m'mimba pa sukulu pano, kalata iyi idzatuluka, ndipo adzandifunsa kuti unailandira, unachitapo chiyani?"

Mai Theresa sankalankhula mwankhanza. Ankalankhula ngati munthu wotopa amene wapatsidwa katundu wina pamwamba pa amene wasenza kale. Anati nthochi ndi zipatso zosenda zikhoza kugulitsidwa, koma chilichonse chodutsa pamoto wa kunyumba chiime lero lomwe. Anatsanzika nkukatenga njinga yake.

Atatsala awiri, a Gwaza anavula magalasi nkupukuta nkhope.

"Amayi, malemu amuna anu ndinaphunzitsa nawo limodzi ku Nambuma. Mukanangobwera kudzakhala pampando umenewo nkunena pakamwa, tikanapeza njira. Lamulo lija ndinalilandira, ndinaliika m'dirowa. Ndimadziwa za a Useni. Ndinawauza amake Salim kuti dengu lizikhala pansi pa kauntala, ndipo azaumoyo akamabwera lizitsala kunyumba. Ndinatsinzina dala. Koma munthu sangatsinzine pepala lili m'manja mwa anthu atatu."

"Ndiye ndikaitenga kalatayo. Ndilemba ina yoti ndinalakwitsa."

"Musalembenso, chonde," anatero ahedi, ndipo anatero mofulumira kwambiri moti pakanakhala tsiku lina zikanaseketsa.

Potuluka Mai Kaphamtengo anadutsa kutali ndi takishopu, koma maso sanamvere. Anaona amake Salim akutuluka pa kachitseko ka kumbali, dengu lili pamutu, lodzaza monga linabwerera m'mawa. Buleki inali isanakwane. Mai Kaphamtengo anabisala kuseri kwa chipinda cha Fomu 1 ngati mwana wothawa chilango, mpaka dengu lija linakhota pa msewu.

Masabata otsatira anali oipa. Kale m'bandakucha kuseri kwa mpanda kunkamveka mafuta akulira m'chiwaya, ndipo fungo la mandasi linkadzutsa nyumba zonse za mzere umenewo. Tsopano kunali zii. Amake Salim anapitabe kusukulu masiku angapo kukagulitsa za m'mapaketi, koma munthu sangaime pa zenera tsiku lonse kugulitsa masiwiti a eni ake, wodwala ali yekha kunyumba, nkubwerako chimanjamanja. Anabweza makiyi. Sukulu inawapereka kwa mphunzitsi wina kuti azitsegula pa buleki pokha. Nthochi zinayesedwa sabata imodzi, zinapsa nkuda pa shelefu, ndipo sizinaodedwenso. Mu takishopu munatsala masiwiti, mabisiketi, mafilizesi ndi tokhwasula ta utoto.

Amake Salim anayesa kukaima ndi dengu pa depoti, koma kumsika nakonso zophikaphika zinali zoletsedwa, ndipo amsika anawabweza. Anayesa kugulitsa tomato, koma mu Febuluwale anthu a ku Nsaru amakhala akudikira fodya ndi chimanga chatsopano, m'thumba mulibe kanthu. Mwini nyumba anayamba kubwera pafupipafupi, akumaima pakhomo nthawi yaitali.

Mai Kaphamtengo ankamva zonsezi kudzera pa mpanda. Anapita kwa Mai Theresa kukapempha, nauzidwa kuti lipoti linapita kale. Anapita kwa apampando a PTA, amene anati nkhani ya kolera iwo saiika m'kamwa. Kwa amake Salim kokha ndiko sanapite, ngakhale kunali kufupi kuposa konseko. Ankatuma Memory ndi mbale ya ufa, mbale nkubwera yotsukidwa ndi mawu oti zikomo. Iwo eni akamva anzawo ali kuseri, ankaanika zovala kumaso kwa nyumba. Ankadzida, ndipo usiku ankapemphera kuti kolera ithe msanga, pemphero limene ankadziwa kuti mkati mwake muli kudzikonda.

Tsiku lina m'mawa anamva kuitana pa mpanda.

"Amake Memory, muliko?"

Anatuluka. Amake Salim anali ataonda, mpango wakuda uli kumutu. Kumbuyo kwawo, pabwalo, panali mitolo yomangidwa m'zitenje, mapoto olowetsana, matiresi opindidwa ndi chingwe.

"Tikupita kwathu ku Salima. Achimwene awo a bambo atumiza galimoto yobwera kudzatenga nyemba, ndiye tikwera yomweyo. Koma ndisanapite ndili ndi pempho." Anatulutsa pepala lopindidwa pa lamba wa chitenje. "Kalata yanu ija, ahedi anandipatsa nditawakakamiza. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, mukudziwa. Anthu andiuza zambiri, ena akuti munalemba kuti ndine wauve. Sindinafune kuti mwana wa munthu andiwerengere. Ndiwerengereni inuyo."

Mai Kaphamtengo analowa pa mpata uja, nakhala pa khonde. A Useni anali atagonekedwa pa mphasa pafupi ndi chitseko, atavekedwa kale mkanjo woyera wa paulendo, diso limodzi likuyang'ana alendo. Anawapatsa moni, iwo nkuyankha ndi dzanja lamoyo lija.

Anayamba kuwerenga. Mawu amene anawakomera patebulo la malemu tsopano ankatuluka ngati mchenga. Anawerenga za Memory, za masiwiti, za thobwa ndi mtedza. Atafika pa ndime ija anaima, koma amake Salim anangodikira, manja ali pa maondo, mpaka anaimaliza. Anawerenganso ndi maina a pansi aja.

Nkhuku ya eni ake inadutsa pabwalo, nijompha pamene pankakhala mbaula.

"Ndiye mulibemo zoti ndine wauve," anatero amake Salim.

"Mulibe. Sindikanalemba zimenezo. Ndimafuna kuti dengu lanu likule. Ndimafuna mudzangomva kuti zatheka."

"Ndamva. Mwandiyamikira bwino. Chibadwire palibe anandilembapo papepala." Anatenga kalatayo nkuipinda motsatira mizere yake yakale. "Koma amake Memory, dengu linali langa. Lamulo lija ine ndinkalidziwa, ndi chifukwa chake ndinkabisa pansi pa kauntala. Mukanandiwerengera chonchi isanapite, ndikanakugwirani dzanja pa mzere woyamba. Kuchoka pakhomo panu kufika pano simufunika ndi nsapato zomwe. Inu munakafika nayo mpaka kwa azaumoyo, mvula ikugwa."

"Ndikhululukireni, amake Salim."

"Kukhululuka ndakhululuka. Mulungu ndiye amagawa chakudya cha munthu. Koma lendi sakhululuka, anzanga."

Mai Kaphamtengo analira. Anzawowo sanalire, ndipo sanawatonthoze. Anadzuka nkuyamba kumanga mtolo wotsiriza, wa chiwaya chachikulu chija ndi chipande chake.

Galimoto inafika dzuwa litakwera, lole yaing'ono yodzaza theka ndi matumba a nyemba. Dalaivala anali wofulumira, ankaopa mvula ndi matope a msewu wa ku Lilongwe. Iye ndi womuthandiza anaponya mitolo pamwamba, nayala matiresi pakati pa matumba. Anansi angapo anaima chapatali, akuyang'ana katundu, kenako akuyang'ana Mai Kaphamtengo. Nkhani inali itafika kale nyumba iliyonse, ndipo m'nyumba zambiri inafika yopindika.

Atatsala a Useni okha, dalaivala anafuna kuwanyamula, koma amake Salim anakana. Anati amuna awo samva bwino kugwidwa ndi anthu osawadziwa. Anayang'ana uku ndi uku, maso awo nkugwera pa mnansi wawo.

"Gwirani kumiyendo, amake Memory. Kumutu ndigwira ndekha."

Amayi awiriwo anawanyamula. Bamboyo anali wopepuka mochititsa mantha. Mwendo wakufa uja unkalendewera, ndipo Mai Kaphamtengo anaufungatira pachifuwa kuti usagunde chitsulo cha galimoto. Atawagoneka pa matiresi, a Useni anayesa kunena kanthu, milomo ikukokera mbali imodzi. Mai Kaphamtengo anachita kuweramira pafupi kuti amve. Ankawathokoza.

Amake Salim anakwera nkukhala pambali pa amuna awo, nawaphimba ndi pepala la pulasitiki kuopa mvula. Mai Kaphamtengo anagwira m'mphepete mwa lole.

"Kolera ikatha ndikalankhula ndi ahedi. Pakamwa. Malo aja adzakubwezerani."

"Akadzabweza mudzapatse wina," anatero amake Salim mofatsa. "Bambowa sangayendenso ulendo uno kawiri. Memory muzimupatsa mtedza m'thumba akamapita kusukulu. Tsalani bwino."

Lole inanyamuka, ikupewa zithaphwi, nikhota kuseri kwa msika. Anansi anabalalika mmodzimmodzi. Mai Kaphamtengo anatsala ataima pabwalo la eni, manja akadali ofunda ndi miyendo ya munthu amene anamusamutsa. Mwini nyumba anafika ndi loko watsopano, nawapempha mwaulemu kuti apatuke pakhomo atseke.